Kuluka nkhani m'masilaidi opemphera thandizo: vuto, pokhotera ndi mathero

Ndakhalapo m'misonkhano yambiri pomwe munthu amapatsidwa mphindi 15 zoti apemphe ndalama, iye n'kuthera mphindi 10 pa mbiri ya bungwe lake, masomphenya, mapu a dera ndi mayina a akomiti. Akamafika pa chomwe wabwerera, wapampando amakhala akuyang'ana wotchi, ena akusisita mafoni pansi pa tebulo. Masilaidi ake amakhala okongola ndithu, koma ndi chikomekome cha mkuyu. Silaidi iliyonse yaima payokha, ndipo mutazisokoneza n'kuziikanso mwachisawawa palibe angazindikire.

Masilaidi okopa anthu amayenda ngati mlandu wokambidwa bwino pabwalo. Pali chomwe chavuta, pali pomwe nkhani imakhota chifukwa chadziwika china chatsopano, ndiye pali chigamulo chomwe mukufuna. Kuti tione bwino momwe amalukira zimenezi, titsatira chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Manambala ake ndi ongoyerekeza, inu mudzaikamo anu enieni.

Tiyerekeze kuti ndinu mlembi wa komiti ya chitukuko m'dera lina lomwe lili ndi mijigo 20, ndipo 8 siikutulutsa madzi. Mwapatsidwa mphindi 15 pamaso pa komiti ya kukhonsolo yomwe imagawa ndalama za chitukuko. Mukufuna K6 miliyoni.

1. Yambani ndi mathero, laputopu ili chitsekere

Tengani pepala ndipo mulembe chiganizo chimodzi chonena yemwe mukufuna achitepo kanthu, chomwe achite, ndi tsiku lake. Cha chitsanzo chathu chikhoza kukhala chotere: "Komiti ivomereze K6 miliyoni yokonzera mijigo 6 ndi kulipira makaniko woiyendera kwa chaka chimodzi, ntchito iyambe mvula isanagwe."

Ngati chiganizocho chikukana kutuluka, kapena chikutuluka ngati "tikufuna muone kufunika kwa madzi abwino", ndiye kuti nkhani mulibe. Palibe m'chipindamo amene amatsutsa zoti madzi abwino ndi ofunika, choncho palibenso chomwe mukuwakopera. Pempho lenileni ndi lomwe munthu angathe kulikana.

Chiganizo chimenechi ndiye lichero lanu. Chilichonse chomwe mungafune kuika m'masilaidi muchipete nacho: kodi chikuwayandikitsa anthuwa ku kuvomera? Mbiri ya komiti yanu imagwa pompo.

2. Funani pokhotera musanalembe vuto

Apa ndi pomwe ndikufuna tichedwepo, chifukwa masilaidi ambiri omwe ndawaona ali ndi vuto ndi pempho koma pakati pali pululu. Amati mijigo yafa, anthu akuvutika, tipatseni ndalama. Akomiti amva zotere kuchokera ku madera onse a m'bomalo, ndipo mumtima amakhala ayankha kale kuti ndalama n'zochepa.

Pokhotera ndi mfundo yomwe imasintha momwe omvera akulionera vutolo. Asanaimve amaganiza china, ataimva amaganiza china. Kuti muipeze, lembani mizere iwiri papepala lija. Woyamba uyambe ndi "Iwo akuganiza kuti", wachiwiri uyambe ndi "Koma ife tapeza kuti".

M'chitsanzo chathu, iwo akuganiza kuti mjigo ukafa mankhwala ake n'kukumba wina, ndipo kukumba kumadya mamiliyoni ambiri pa mjigo umodzi. Koma inu munatenga makaniko n'kutsegula mijigo yonse 8. Mijigo yambiri ya m'midzi ya ku Malawi ndi ya mtundu wa Afridev, yomwe anaipanga mwadala kuti tizipangizo timene timatha msanga, monga timalabala tokokera madzi ndi mabushi a pa chogwirira, tizisinthidwa ndi anthu a pamudzi pompo. Munapeza kuti 6 inaima chifukwa cha tizipangizo totereti. Umodzi mapaipi ake anagwera pansi, ndipo umodzi wokha ndiwo unaphwa. Ndiye kuti dera lanu silikusowa mijigo yatsopano 8, likusowa munthu woiyendera ndi kandalama kogulira labala isanatheretu.

Taonani chomwe mfundo imeneyi yachita. Vuto lomwe limaoneka ngati phiri lasanduka chulu choti komiti ikhoza kuchigumula ndi ndalama zomwe ili nazo. Ndiyo ntchito ya pokhotera: kupangitsa kuti pempho lanu lioneke ngati chinthu chanzeru chokhacho chomwe chatsala.

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amaziyesa pokhotera pomwe si pokhotera. Choyamba ndi kubwera kwa inu eni: "kenako bungwe lathu linafika". Kufika kwanu sikusintha maganizo a munthu pa vutolo, kumangosonyeza kuti mukufuna kutamandidwa. Chachiwiri ndi kungoonjezera chisoni, kuti pambuyo pa chithunzi cha amayi pamzere muikenso cha mwana wodwala. Limenelo likadali vuto lomwe lija, mwangolikweza mawu.

Nanga ngati mwafufuza koma "tapeza kuti" wanu palibe? Musapeke. Dzifunseni ngati pali chomwe chasintha posachedwapa chomwe chikupangitsa kuti zomwe zinali zosatheka chaka chatha zitheke tsopano, monga kutsegulidwa kwa sitolo yogulitsa zipangizo za mijigo pamsika wapafupi, kapena kupezeka kwa makaniko wophunzitsidwa m'deralo. Kusintha kotere nako kumakhotetsa nkhani. Zonsezi zikasowa, bwererani kumudzi mukafunsenso, chifukwa masilaidi sangabale mfundo yomwe mulibe.

3. Vuto likhale la anthu omwe akhala patsogolo panuwo

Tsopano mukudziwa komwe nkhani ikhotere, ndiye mukhoza kusankha mbali ya vuto yoyenera kuonetsa. Masilaidi atatu kapena anayi akwana.

Chiyeso chachikulu ndi kuyamba ndi dziko lonse. Aliyense akukumbukira mliri wa kolera womwe unayamba mu Malichi 2022 ku Machinga n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mtima umafuna kutsegula nawo. Ine ndimati ayi. Akomiti akuudziwa kale, ndipo nambala yaikulu choncho imamupatsa munthu maganizo oti zimenezi n'za boma lalikulu, osati za iye. Mukhoza kuutchula pakamwa m'chiganizo chimodzi, koma silaidi yoyamba inene za mijigo 8 ya m'dera lomwe iwo ali ndi mphamvu yolithandiza.

Nambala imodzi yonena kukula kwa vuto ndi yokwanira, bola muonetse komwe yachokera. Muyeso womwe umatsatidwa ku Malawi ndi woti mjigo umodzi utumikire anthu 250, ndiye mijigo 8 ndi anthu pafupifupi 2,000. Lembani kuwerengerako m'munsi mwa silaidi kuti wokayika adzionere yekha. Mukatero tsikirani pa munthu mmodzi kapena malo amodzi: chithunzi chimodzi chodzaza silaidi yonse, cha ndowa zili pamzere pa mjigo wotsala, chojambulidwa m'bandakucha. Pemphani chilolezo kwa omwe akuoneka nkhope, makamaka ngati pali ana, ndipo musawaonetse ngati anthu opanda pogwira. Zithunzi zisanu ndi chimodzi zopanikizana pa silaidi imodzi palibe amaziona, poti wokhala kumbuyo amangoona timabanga.

Silaidi yomaliza ya gawoli ndi yomwe ambiri amaiopa, koma ndiyo imatsegula njira ya pokhotera: nenani zomwe zayesedwa kale n'kulephera. Mwachitsanzo, kwa zaka zitatu dera lakhala likupempha mijigo yatsopano, iwiri inakumbidwa, koma yakufa ikuchulukirabe. Samalani kanenedwe, chifukwa mwina omwe anavomereza kukumbako ali m'chipinda chomwecho. Nenani kuti "tonse tinkaganiza kuti", ndipo mudziikemo nanu. Munthu yemwe mwamuchititsa manyazi pa silaidi yachinayi sangakuvomereni pa yakhumi.

4. Lembani mitu yokhayokha, iliyonse ikhale chiganizo chathunthu

Tsopano tsegulani laputopu, koma musakhudze mitundu kapena zithunzi. Mu PowerPoint pitani pa View kenako Outline View, pomwe mumatha kulemba mitu ya masilaidi motsatizana ngati mndandanda. Mutu usakhale dzina la gawo ngati "Mavuto" kapena "Zomwe tapeza". Ukhale chiganizo chonena mfundo yake, choti munthu akawerenga icho chokha wamva kale. Ya chitsanzo chathu ingakhale iyi:

1. Mijigo 8 mwa 20 ya m'dera lathu siikutulutsa madzi
2. Anthu pafupifupi 2,000 akudalira mitsinje, zitsime zosatetezedwa kapena mjigo wa mudzi wina
3. Pa mijigo yotsalayo mzere ukumayamba kusanache
4. Takumba iwiri yatsopano m'zaka zitatu, koma yakufa ikuchulukirabe
5. Titatsegula yonse 8, tinapeza kuti 6 inaima chifukwa cha labala ndi mabushi otha
6. Imafa chifukwa palibe woiyendera, ndipo ndalama timasonkha mjigo utafa kale
7. Wina womwe unafa chimodzimodzi, wosakhala mwa 8 imeneyi, tinaukonza tsiku limodzi, ndipo patha miyezi 5 ukutulutsabe madzi
8. Makaniko mmodzi akonza 6 m'miyezi iwiri, kenako aziyendera yonse miyezi itatu iliyonse
9. Iwiri yotsalayo ndalamazi siziikhudza, ndipo chaka chikatha midzi izilipira yokha makaniko
10. Tikupempha K6 miliyoni kuti anthu 1,500 abwerere pa mjigo mvula isanagwe

Werengani mituyo mokweza, ndipo pakati pa mutu ndi unzake yesani kuikapo mawu olumikiza. Ngati omwe akubwera mwachibadwa ndi "koma" kapena "n'chifukwa chake", nkhani ikuyenda, poti silaidi iliyonse ikubadwa kuchokera ku inzake. Ngati mukungopeza "komanso, komanso, komanso", mwaunjika katundu, simunaluke. Pomwe pali "komanso" awiri otsatizana, silaidi imodzi ichoke kapena ziphatikizidwe. M'mndandanda wathuwu, pakati pa 2 ndi 3 pali "komanso" mmodzi, ndipo ndamulekerera chifukwa imodzi ikupereka nambala, inayo ikupereka nkhope.

Onaninso pomwe pokhotera pagwera. Apa pali pa silaidi yachisanu mwa khumi, ndipo pa mphindi 15 muyenera kufikapo isanakwane mphindi yachisanu ndi chimodzi. Pakachedwa kuposa theka, ndiye kuti mwakondetsa vuto. Pitani pa View kenako Slide Sorter, kapena Grid view ngati mukugwiritsa ntchito Google Slides, muone masilaidi onse pamodzi ngati timakadi, ndipo muwakoke kuwasuntha mpaka ndondomeko ikhale bwino.

5. Silaidi ya pokhotera ioneke mosiyana ndi zinzake

Maso a omvera ayenera kudziwa kuti pano pachitika kanthu ngakhale makutu anali atapita kwina. Ngati masilaidi ena onse ndi oyera, iyi ikhale yakuda ndi zilembo zoyera. Musaikepo mndandanda wa mfundo. Ikani mutu uja, ndipo pansi pake jambulani timijigo 8 mumzere, 6 ta mtundu umodzi wowala, tiwiri totuwa. Munthu amaziona n'kumva musanamalize kuyankhula.

Pali kachenjerero kena komwe ndimakakonda. Mukamaliza silaidi yachinayi, dinani B pa kiyibodi. Mu PowerPoint, masilaidi akamaonetsedwa, batani limeneli limadetsa sikirini yonse, ndipo maso onse amabwerera kwa inu. Nenani kuti, "Ndiye tinaganiza zoti tisapemphenso kaye, titsegule tione chomwe chikuipha." Tulutsani m'thumba labala yakutha yomwe munachotsa pa mjigo, muipereke kwa wapampando aigwire. Kenako dinaninso B kuti chithunzi chibwerere, n'kupita pa silaidi yachisanu. Kalabala kokwana m'dzanja kamanena zomwe tchati sichinganene, ndipo pomwe akukapatsirana musayankhule. Kachetechete wa masekondi asanu amaoneka wautali kwa inu nokha.

Pokhotera popanda umboni ndi nkhambakamwa, n'chifukwa chake silaidi 6 ndi 7 zikutsatira pompo. Yachisanu ndi chimodzi ikuyankha funso lomwe munthu wanzeru aliyense afunse, loti ngati n'zazing'ono choncho bwanji simunakonze nokha. Yachisanu ndi chiwiri ikuonetsa kuti mwayesapo kale pang'ono ndipo zatheka. Mukakhala ndi umboni umodzi wokha wotere, nenani kuti ndi umodzi. Musaukulitse, chifukwa m'chipindamo mumakhala wina wa ku ofesi ya zamadzi yemwe mijigo amaidziwa kuposa inu.

6. Mathero akhale pempho, osati "Zikomo"

Gawo lomaliza lili ndi ntchito zitatu: kuonetsa dongosolo, kuvomera malire ake, ndi kupempha. Dongosolo likwane pa silaidi imodzi, longonena yemwe achite chiyani ndi liti. Bajeti ya mzere ndi mzere isakhale apa. Iikeni kumapeto kwenikweni, pambuyo pa silaidi ya pempho, pamodzi ndi mndandanda wa mijigo yonse 20 ndi makoteshoni a zipangizo. Dinani batani la kumanja la mausi pa silaidi iliyonse yotere n'kusankha Hide Slide kuti isatulukire yokha. Wina akafunsa za bajeti, lembani nambala ya silaidiyo pa kiyibodi n'kudina Enter, ndipo ituluka nthawi yomweyo. Manambalawo alembeni pa kapepala musanalowe.

Silaidi yachisanu ndi chinayi ambiri amafuna kuichotsa poopa kudzionongera. Isiyeni. Mukanena nokha kuti mijigo iwiri siikonzedwa ndi ndalamazi, mwalanda chida m'manja mwa wotsutsa, ndipo zina zonse zomwe mwanena zimakhulupirika. Funso loti "nanga ndalama zikatha" lidzabwera ndithu, ndiye kuli bwino lipeze yankho likudikira, monga kuti banja lililonse lizisonkha pamwezi ndipo msungichuma aziwerenga ndalamazo pamsonkhano wa mudzi.

Silaidi yomaliza itenge chiganizo chomwe munalemba papepala poyamba paja. Ibwezenso chithunzi cha koyambirira mwanjira ina: munatsegula ndi mijigo 8 yakufa mwa 20, tsekani ndi 18 yamoyo mwa 20. Gawaninso ndalamayo kuti imveke, K6 miliyoni pa anthu 1,500 ndi K4,000 pa munthu mmodzi, ndipo ngati muli ndi koteshoni yeniyeni ya kukumba mjigo watsopano, iikeni pambali pake kuti adzifananizire okha. Silaidi imeneyi ikhale pakhoma nthawi yonse ya mafunso, mwina mphindi khumi kapena kuposa. Ndi chifukwa chake silaidi ya "Zikomo, pali mafunso?" imandipweteka mtima: imatenga malo omwe anthu awayang'ane nthawi yaitali kuposa ena onse n'kuikapo mawu opanda ntchito. Zikomo nenani pakamwa.

Mwina mukufunsa ngati si bwino kunena pempho koyambirira. Kwa akuluakulu otanganidwa, inde, koma pakamwa komanso mwachidule. Mukangomaliza malonje nenani kuti, "Wapampando, tabwera kudzapempha K6 miliyoni, ndipo ndikuonetsani chifukwa chake si ya mjigo watsopano." Akudziwa komwe mukupita, koma pokhotera simunaulule, ndipo mwawasiya ndi funso.

7. Yesani pa munthu wosadziwa nkhaniyo

Pezani munthu yemwe sanakhale nawo pa ntchitoyi, kaya mlamu wanu kaya mphunzitsi wapafupi. Dinani F5, muonetseni masilaidi mukuyankhula monga mudzachitire, wotchi ikuyenda. Mukamaliza tsekani laputopu ndipo mumufunse zinthu zitatu: chavuta n'chiyani, chomwe chamudabwitsa n'chiyani, ndipo mukupempha chiyani. Musamuthandize.

Mayankho ake akuuzani pomwe pakudontha. Akalephera loyamba, mwaika mavuto ambiri, mwina mwalowetsamo za misewu ndi za sukulu. Akati palibe chamudabwitsa, pokhotera panu pakwiririka kapena munapaulula msanga. Akanena kuti mukufuna mijigo yatsopano, ndiye kuti gawo la vuto lakula kwambiri mpaka lameza zonse, ndipo mudule silaidi imodzi kumeneko. Ine zinandichitikirapo zimenezi: ndinali nditadzaza masilaidi asanu ndi awiri a mavuto, ndipo mnzanga yemwe ndinamuyesera anandiuza mwaulemu kuti wamva chisoni kwambiri, koma sakudziwa chomwe ndikufuna kwa iye.

Kumbukiraninso kuti masilaidi amayenda okha. Msonkhano ukatha wina adzati muwatumize pa WhatsApp kuti abwana omwe sanabwere awaone. Pamenepo mulibe inu, mulibe labala ya m'thumba, mulibe kachetechete uja. Apa ndi pomwe mitu ya ziganizo zathunthu imakupulumutsani, poti munthu woseweretsa chala pa foni amawerenga mitu yokha n'kupeza nkhani yonse. Tumizani ngati PDF kuti zilembo zisasokonekere, ndipo m'kope lotumizalo onjezani chithunzi cha labala ija pa silaidi yachisanu ndi mzere umodzi wofotokoza.

Tsiku la msonkhano nyamulani mapepala osindikiza a silaidi 1, 5 ndi 10, okwanira aliyense wa pa tebulo lalikulu. Magetsi akazima kapena pulojekita ikakana kugwirizana ndi laputopu yanu, atatuwo anyamula nkhani yonse. Ndi omwewonso mudzagwiritse ntchito wapampando akadzati nthawi yatha ndipo mwatsala ndi mphindi zisanu: mphindi imodzi pa vuto, ziwiri pa labala, imodzi pa pempho, ndipo yotsalayo mufunse tsiku lomwe komiti idzapereke yankho, n'kulilemba iwo akuona.